Wapezeka Pozitivi: Kodi Mpata Woti Akudwaladi ndi Wotani?

Pa mayeso a pulobabilite, masamu owerengera mpata woti chinthu chichitike, pali funso limodzi lomwe silisowa, ndipo nthawi zambiri limakamba za kuchipatala. Manambala amasinthasintha, koma thupi la funsolo limakhala lomweli.

Matenda ena amapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu 100 alionse. Pali chipangizo choyezera matendawa. Munthu akakhala kuti akudwaladi, chipangizochi chimaonetsa pozitivi maulendo 90 pa 100. Akakhala kuti alibe matendawa, chimaonetsa negetivi maulendo 95 pa 100. Tatenga munthu mmodzi mwachisawawa, tamuyeza, ndipo zotsatira zatuluka pozitivi. Kodi mpata woti munthuyu akudwaladi ndi wotani?

Musanapitirire kuwerenga, ikani yankho lanu m'mutu. Ambiri amati 90 peresenti, ena 95 peresenti. Yankho lenileni ndi pafupifupi 15 peresenti. Kunena kwina, pa anthu 13 omwe chipangizochi chati ndi pozitivi, awiri okha ndiwo akudwala, ndipo 11 otsalawo ali bwinobwino.

Manambalawa ndi ongophunzirira, si a matenda ena alionse enieni. Koma kusokonezeka komwe amabweretsa ndi kwenikweni, ndipo sikugwira ophunzira okha. M'chaka cha 1978, ofufuza atatu, Casscells, Schoenberger ndi Graboys, anafunsa funso lofanana ndi ili kwa anthu 60, madokotala ndi ophunzira zaudokotala a m'zipatala zophunzitsira za Harvard ku America. Matenda a mu funso lawo ankagwira munthu mmodzi pa 1,000, ndipo chipangizo chinkanamizira anthu 5 pa 100 osadwala. Yankho lomwe linaperekedwa kwambiri linali 95 peresenti. Anthu 11 okha ndiwo anapereka yankho lolondola, lomwe ndi pafupifupi 2 peresenti. Choncho ngati munaphonya, vuto si mutu wanu. Funsoli lili ndi mipata iwiri yofanana nkhope, ndipo maganizo a munthu amathamangira kutenga umodzi m'malo mwa unzake.

Kamzere koimirira ka mu P(A | B)

Tiyambe ndi chomwe P(A | B) imatanthauza. Timawerenga kuti "mpata wa A, podziwa kuti B yachitika kale". Chomwe chili kumanja kwa kamzereko ndi chimene tikuchidziwa. Chomwe chili kumanzere ndi chimene tikufunsa.

Kudziwa kuti B yachitika kumachita chinthu chimodzi chokha: kumachepetsa gulu lomwe tikuliyang'ana. Poyamba timayang'ana anthu onse. Tikauzidwa kuti B ndi yoona, aliyense yemwe sali mu B timamuchotsa, n'kutsala ndi a mu B okhaokha. Kenako timafunsa kuti mwa otsalawa, ndi angati alinso mu A. Fomyula yake ikunena zomwezo.

```
P(A | B) = P(A ∩ B) / P(B)
```

Pansi pali gulu lomwe latsala. Pamwamba pali gawo la gululo lomwe lili ndi zonse ziwiri, A ndi B. Fomyulayi imagwira ntchito pokhapokha P(B) ikhale yoposa 0, chifukwa gulu lopanda munthu simungaligawe.

Tsopano onani zomwe zimachitika mukatembenuza zilembo. Mwa anthu oyembekezera, angati ndi akazi? Onse, choncho mpata ndi 1. Nanga mwa akazi, angati ndi oyembekezera panopa? Ochepa chabe. Anthu omwe ali pamwamba pa fulakishoni ndi omwewo m'mafunso onse awiri, akazi oyembekezera. Chasintha ndi gulu la pansi. Apa palibe amene angasokonezeke, chifukwa nkhaniyi timaidziwa. Koma kuchipatala timachita kulakwitsa komweku osazindikira. Tikamva kuti chipangizo chimagwira odwala 90 pa 100, timatembenuza mumtima n'kumva ngati akuti anthu 90 pa 100 omwe chawagwira ndi odwala. Chiganizo choyamba chikuwerenga pakati pa odwala. Chachiwiri chikuwerenga pakati pa opezeka pozitivi. Awa ndi magulu awiri osiyana, ndipo kukula kwawo kungasiyane kutalitali.

Tilembe zomwe funso latipatsa. D aimire kudwala, D' aimire kusadwala.

```
P(D)      = 0.01      P(D')     = 0.99
P(+ | D)  = 0.90      P(− | D)  = 0.10
P(− | D') = 0.95      P(+ | D') = 0.05
```

Nambala ya P(D) ndi kufala kwa matendawo pakati pa anthu omwe tikuwayeza. P(+ | D) imatchedwa sensitivite, ndiko kuti mwa odwala, chipangizo chimagwira angati. P(− | D') imatchedwa sipesifisite, ndiko kuti mwa osadwala, chipangizo chimanena zoona kwa angati kuti alibe. Manambala a kumanja sitinapatsidwe, tawapeza pochotsera a kumanzerewo pa 1. Zindikirani kuti pa mzere uliwonse, chomwe chili kumanja kwa kamzere sichinasinthe. P(+ | D) ndi P(− | D) zimakwana 1 chifukwa wodwala aliyense atuluka pozitivi kapena negetivi, palibe kwina. Koma P(+ | D) ndi P(+ | D') zilibe chifukwa chokwanira 1, ndipo apa zikupereka 0.95. Wophunzira amene wachotsera 0.90 pa 1 n'kulemba kuti P(+ | D') ndi 0.10 wasochera pa mzere woyamba, ndipo zonse zotsatira zidzakhala zolakwika ngakhale atawerengetsa bwino chotani.

Chomwe funso likufuna ndi P(D | +), ndipo pa zisanu ndi chimodzi zomwe talembazi palibepo.

Werengani anthu, osati maperesenti

Njira yomwe ndimaikhulupirira kuposa zonse ndi yosandutsa maperesenti kukhala anthu oti mungawaloze ndi chala. Ofufuza awiri, Gigerenzer ndi Hoffrage, anaonetsa m'chaka cha 1995 kuti anthu amayankha bwino mafunso otere akapatsidwa ziwerengero za anthu m'malo mwa maperesenti. Sankhani nambala yaikulu yosavuta kugawa. Tiyeni titenge anthu 10,000.

Gawo loyamba silikhudza chipangizo n'komwe. Mmodzi pa 100 akudwala, choncho odwala alipo 100 ndipo osadwala alipo 9,900. Imani pang'ono pamenepa muone kusiyanaku, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Mbali ina kuli kagulu ka anthu 100, mbali ina kuli chikhamu cha anthu 9,900.

Tsopano tiwayeze onse. Mwa odwala 100 aja, chipangizo chigwira 90 ndipo chiphonya 10. Mwa osadwala 9,900, chinena zoona kwa 95 pa 100 alionse, omwe ndi anthu 9,405, ndipo chinamizira 5 pa 100, omwe ndi anthu 495.

```
             +        −      Onse
D           90       10       100
D'         495    9,405     9,900
Onse       585    9,415    10,000
```

Munthu wathu uja tauzidwa kuti ndi pozitivi. Ndiye kuti ali m'gulu la anthu 585 a mu mzere wotsika woyamba, ndipo anthu 9,415 enawo atuluka m'nkhani. Mwa 585 amenewa, odwala enieni ndi 90.

```
P(D | +) = 90 / 585 = 2/13 ≈ 0.154
```

Nambala 90 ndi yomweyo yomwe inatipatsa sensitivite. Titaigawa ndi 100, chiwerengero cha odwala onse, inatipatsa 0.90. Titaigawa ndi 585, chiwerengero cha opezeka pozitivi onse, yatipatsa 0.154. Pa tebulo, funso limodzi likuyenda chopingasa, linalo likuyenda chotsika.

Nanga n'chifukwa chiyani chipangizo chooneka chabwino chonchi chikupereka yankho lotsika chotere? Chifukwa kulakwitsa kwake kwakung'ono kukugwera pa chikhamu chachikulu. Kulakwitsa 5 pa 100 kumamveka kochepa, koma 5 pa 100 ya anthu 9,900 ndi anthu 495. Kulondola 90 pa 100 kumamveka kwakukulu, koma 90 pa 100 ya anthu 100 ndi anthu 90 basi. Zili ngati kuponya ukonde m'madzi momwe nsomba yomwe mukuifuna ndi yosowa: ukondewo ungakhale wabwino, koma zambiri zomwe mukoke zikhala zina.

Pali chinthu china chomwe sindikufuna chikuphonyeni, chifukwa ena akaona 15 peresenti amathamangira kunena kuti kuyezako n'kopanda ntchito. Si zoona. Munthuyu asanayezedwe, mpata woti akudwala unali 1 peresenti. Atayezedwa wafika pa 15 peresenti, wakwera maulendo oposa 15. Chipangizo chanena kanthu kolemera. Kungoti chinayambira pansi kwambiri, ndiye sichinafike pamwamba.

Lamulo la Bayes ndi tebulo lomweli

Thomas Bayes anali m'busa wa ku England yemwe ankakondanso masamu. Anamwalira m'chaka cha 1761, ndipo mnzake Richard Price ndi amene anatenga zomwe analemba n'kuzipereka ku bungwe la asayansi la Royal Society ku London m'chaka cha 1763. Pierre-Simon Laplace wa ku France anafika pa mfundo yomweyo payekha m'chaka cha 1774 ndipo anaikulitsa kwambiri. Lamulo lomwe lili ndi dzina la Bayes silovuta kulipeza nokha, ndipo ndi bwino kudziwa kulipeza kusiyana ndi kuliloweza pamtima.

Mpata woti munthu akudwala komanso ndi pozitivi mungaufikire kuchokera mbali ziwiri. Mungayambe ndi kudwala, kenako pozitivi. Mungayambenso ndi pozitivi, kenako kudwala. Anthu ake ndi omwewo, 90 aja.

```
P(D ∩ +) = P(D) × P(+ | D) = P(+) × P(D | +)
```

Gawani ndi P(+) ndipo lamulo latuluka.

```
P(D | +) = P(+ | D) × P(D) / P(+)
```

Pomwe pamavuta ndi pansi. P(+) kawirikawiri funso silikupatsani, muyenera kuimanga nokha. Munthu angatuluke pozitivi m'njira ziwiri zokha: akudwala ndipo chipangizo chamugwira, kapena sakudwala ndipo chipangizo chamunamizira. Njira ziwirizi sizingachitike pamodzi kwa munthu mmodzi, choncho timangoziphatikiza.

```
P(+) = P(+ | D) × P(D) + P(+ | D') × P(D')
     = 0.90 × 0.01 + 0.05 × 0.99
     = 0.009 + 0.0495
     = 0.0585

P(D | +) = 0.009 / 0.0585 ≈ 0.154
```

Chulukitsani manambalawa ndi 10,000 muone: 0.009 ndi anthu 90 aja, 0.0495 ndi 495 aja, 0.0585 ndi 585 aja. Fomyula sinabweretse chatsopano, yangolemba tebulo mwachidule. Ngati aphunzitsi anu amakonda chithunzi cha mtengo wa nthambi, nachonso ndi chomwechi. Nthambi zoyamba ndi D ndi D', iliyonse imagawikanso pawiri, mumachulukitsa potsatira nthambi, ndipo mumaphatikiza nsonga ziwiri zomwe zathera pa pozitivi. Nambala ya pamwamba nthawi zonse ndi imodzi mwa nsonga zomwe mwaphatikiza pansizo. Mukaona kuti ya pamwamba sikupezeka mkati mwa ya pansi, kapena yankho laposa 1, bwererani, penapake pasokonekera.

Langizo langa pa mayeso ndi loti mulembe fomyula kuti wochonga aone njira yanu ndi kukupatsani malikisi ake, koma pambali jambulani katebulo ka anthu 10,000 kuti mudzitsimikizire. Sikatenga mphindi ziwiri. Ndipo musafupikitse manambala muli pakati pa njira. Mukasandutsa 0.0495 kukhala 0.05 ndi 0.009 kukhala 0.01, mupeza 0.167 m'malo mwa 0.154, ndipo malikisi a yankho lomaliza apita.

Funso lotere limakonda kukhala ndi kagawo kachiwiri kofunsa za negetivi. Tebulo layankha kale. Mwa anthu 9,415 omwe atuluka negetivi, 10 okha ndiwo akudwala, choncho P(D | −) ndi pafupifupi 0.001, mmodzi pa 1,000. Chipangizo chomwechi, pa anthu omwewa, n'chodalirika kwambiri chikati mulibe, koma chikati muli nawo pakufunika kuyezanso.

Chipangizo chomwecho, anthu ena

Apa ndi pomwe pamaonekera amene wamvetsa ndi amene wangoloweza. Chipangizo chikhale chomwecho, sensitivite 0.90 ndi sipesifisite 0.95. Koma ulendo uno sitikutola anthu mwachisawawa. Tikuyeza okhawo omwe abwera kwa dokotala ali ndi zizindikiro za matendawa, ndipo tinene kuti pakati pa anthu oterewa, 20 pa 100 akudwaladi.

Mwa anthu 10,000, odwala alipo 2,000 ndipo osadwala 8,000. Chipangizo chigwira odwala 1,800 ndi kunamizira osadwala 400. Opezeka pozitivi onse ndi 2,200.

```
P(D | +) = 1,800 / 2,200 ≈ 0.818
```

Kuchoka pa 15 peresenti kufika pa 82 peresenti, chipangizo chisanasinthe ngakhale pang'ono. Mbali ya negetivi nayo yasuntha: odwala ophonyedwa ndi 200, osadwala otuluka negetivi ndi 7,600, choncho P(D | −) ndi 200 kugawa ndi 7,800, pafupifupi 0.026. Pozitivi yakhala yodalirika kwambiri, negetivi yafookerako.

Tanthauzo lake n'lakuti P(D | +) si nambala ya chipangizo, yoti opanga angaisindikize pa bokosi. Imadalira yemwe akuyezedwa. N'chifukwa chake dokotala amayamba ndi mafunso asanakutumizeni kukayezetsa: mwadwala masiku angati, mukumva bwanji, kodi munakhala pafupi ndi wodwala. Mafunso amenewa akukuikani m'gulu loyenera, kutanthauza kuti akukonza P(D) yanu. N'chifukwa chakenso kuyeza anthu onse osadwala pofuna kupeza matenda osowa kumafuna kuganiza mozama, popeza onamiziridwa aja si manambala chabe. Ndi anthu omwe asowe tulo ndi nkhawa, ayezedwenso, ndipo ena alandire chithandizo chomwe sachifunikira.

Tibwerere kwa anthu athu oyamba, mmodzi pa 100. Tiyerekeze kuti mwapatsidwa mphamvu yokonza chinthu chimodzi pa chipangizochi. Mungakonze chiti kuti pozitivi ikhale yodalirika? Ambiri amathamangira ku sensitivite. Yesani. Ikwezeni ifike pa 1, chipangizo chisaphonye wodwala ndi mmodzi yemwe. Odwala ogwidwa akhala 100, onamiziridwa akadali 495, ndipo 100 kugawa ndi 595 ndi pafupifupi 0.168. Mwasuntha pang'ono zedi. Tsopano bwezerani sensitivite pa 0.90, mukweze sipesifisite kuchoka pa 0.95 kufika pa 0.99. Onamiziridwa atsika kufika pa 99, ndipo 90 kugawa ndi 189 ndi pafupifupi 0.476. Mukaifikitsa pa 0.999, onamiziridwa atsala pafupifupi 10 ndipo yankho lifika pa 0.90. Matenda akakhala osowa, chomwe chimalamulira kudalirika kwa pozitivi ndi sipesifisite, chifukwa ndiyo imagwira ntchito pa chikhamu chachikulu chija. Sensitivite ntchito yake yaikulu imaonekera mbali ya negetivi, pochepetsa odwala omwe abwerera kwawo akuganiza kuti ali bwino.

Pa zipangizo zambiri, ziwirizi zimakokana. Chipangizo chimayeza mlingo wa chinachake m'magazi kapena m'thupi, ndipo akatswiri amaika malire oti kuyambira apa tiziti pozitivi. Mukatsitsa malirewo mumagwira odwala ambiri, koma mumakokeramonso osadwala ambiri. Mukawakweza, onamiziridwa amachepa koma ophonyedwa amachuluka.

Kuyeza kachiwiri

Munthu wathu watuluka pozitivi, mpata wake uli pa 2/13, ndipo akuyezedwanso. Zatulukanso pozitivi. Ili ndilo gawo lomwe limakhala ndi malikisi ambiri, ndipo maganizo ake ndi osavuta: yankho la ulendo woyamba limasanduka poyambira pa ulendo wachiwiri. Pomwe panali 0.01 tsopano pali 2/13.

Powerenga anthu, tatsala ndi 585 aja, odwala 90 ndi osadwala 495. Tikawayezanso, odwala 81 atulukanso pozitivi. Mwa osadwala, 5 pa 100 anamiziridwanso, omwe ndi 24.75. Musadabwe ndi munthu woduka zidutswayu. Mukadayamba ndi anthu 1,000,000 nambalayi ikadatuluka yathunthu, ndipo yankho silisintha.

```
P(D | + +) = 81 / (81 + 24.75) ≈ 0.766
```

Pali njira yachidule yomwe ndimaikonda pa mafunso obwerezabwereza. M'malo mofunsa kuti odwala ndi gawo lanji la onse, funsani kuti odwala ndi angati poyerekeza ndi osadwala. Poyamba anali 1 kwa 99. Kenako funsani kuti pozitivi imatuluka mochuluka maulendo angati mwa wodwala kuyerekeza ndi mwa wosadwala: 0.90 kugawa ndi 0.05 ndi 18. Pozitivi iliyonse imachulukitsa mbali ya odwala ndi 18.

```
1 : 99   →   18 : 99 = 2 : 11   →   36 : 11
```

Pobwerera ku mpata, gawani mbali ya odwala ndi mbali zonse ziwiri mutaziphatikiza. Pa 2 kwa 11 mupeza 2/13, yomwe taipeza kale. Pa 36 kwa 11 mupeza 36/47, yomwe ndi 0.766 yomweyo. Samalani apa, chifukwa ambiri amalemba 2/11 n'kuiwala kuti pansi payenera kukhala anthu onse.

Negetivi nayo ili ndi chochulukitsira chake, 0.10 kugawa ndi 0.95, chomwe ndi 2/19. Ngati kuyeza koyamba kunali pozitivi koma kwachiwiri negetivi, 2 kwa 11 amasanduka 4 kwa 209, ndipo mpata ndi 4/213, pafupifupi 0.019. Ena amayembekeza kuti pozitivi ndi negetivi zifafanizana, munthu abwerere pa 1 peresenti pomwe anayambira. Sizitero. Pozitivi inachulukitsa ndi 18, negetivi yagawa ndi 9.5 yokha, choncho munthuyu watsala pamwamba pang'ono pa pomwe anayambira.

Zonsezi zaima pa ganizo limodzi lomwe tinalilowetsa mwakachetechete, ndipo muyenera kulidziwa bwino. Taganiza kuti, tikadziwa kale ngati munthu akudwala kapena ayi, zotsatira za kuyeza koyamba sizikhudza za kwachiwiri. Mwa odwala okhaokha, mpata wa pozitivi ziwiri ndi 0.90 × 0.90. Mwa osadwala okhaokha, ndi 0.05 × 0.05. Kusadalirana kumeneku kuli mkati mwa gulu lililonse palokha, osati pakati pa anthu onse osakanikirana. Wophunzira amene wasokoneza ziwirizi amatenga P(+) n'kuichulukitsa ndi iyo yomwe, 0.0585 × 0.0585, n'kupeza pafupifupi 0.0034. Nambala yolondola imamangidwa gulu ndi gulu.

```
P(+ +) = 0.01 × 0.90² + 0.99 × 0.05²
       = 0.0081 + 0.002475
       = 0.010575
```

Yolondolayi ndi yaikulu katatu kuposa yolakwika ija. Chifukwa chake n'chomveka: munthu amene watuluka kale pozitivi ali ndi mpata wokulirapo woti akudwala, choncho alinso ndi mpata wokulirapo wotulukanso pozitivi. Ndipo mukagwiritsa ntchito yolakwikayo, 0.0081 kugawa ndi 0.0034 kukupatsani nambala yoposa 2, zomwe zikuuzeni pomwepo kuti mwaphonya.

M'chipatala chenicheni, ngakhale kusadalirana kwa mkati mwa gulu kumatha kusweka. Funso lofunika ndi lakuti chipangizo chinalakwitsiranji ulendo woyamba. Ngati chinali chongochitika mwangozi, monga magazi omwe sanasungidwe bwino tsiku limenelo, kuyezanso kumathandiza monga momwe tawerengetsera. Koma ngati m'magazi a munthuyo muli chinachake chomwe chimafanana ndi chomwe chipangizo chimafunafuna, chipangizo chomwecho chidzalakwitsanso mawa, ndi mkuja yemwe. Taganizirani mbali yoipitsitsa, pomwe chipangizo chimapereka yankho lomwelomwelo kwa munthu yemweyo nthawi zonse. Anthu 585 aja onse atulukanso pozitivi, odwala 90 ndi osadwala 495, ndipo mpata utsala pa 0.154 ngakhale muyeze kakhumi. Zenizeni kawirikawiri zimagwera penapake pakati pa 0.154 ndi 0.766, malinga ndi gwero la kulakwitsako.

Ichi n'chifukwa chake kuyeza kotsimikizira kumachitika ndi chipangizo cha mtundu wina, osati kubwereza chomwecho. Chitsanzo chodziwika ndi cha HIV. M'chaka cha 2019, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza maiko kuti munthu azinenedwa kuti ali ndi kachilomboka pokhapokha zipangizo zitatu zosiyana, zogwiritsidwa ntchito motsatana, zonse zitaonetsa pozitivi. Zipangizo zoyezera HIV n'zolondola kwambiri kuposa cha m'chitsanzo chathu, koma masamu ake ndi omwewa. Anthu ambiri omwe ali ndi kachilomboka atayamba kudziwa kale za momwe alili, gawo la opezeka pozitivi mwa oyezedwa kumene linkatsika, ndiko kuti P(D) inkachepa, ndipo panafunika chochulukitsira china kuti yankho lomaliza likhale lodalirika pa mlingo wa 99 peresenti kapena kuposa.

Pa mayeso, funso likanena kuti kuyeza kuwiriko n'kosadalirana, limatanthauza kusadalirana kwa mkati mwa gulu kuja, podziwa D kapena podziwa D'. Likapanda kunena, lembani mzere umodzi musanayambe kuchulukitsa, wonena kuti mukuganiza kuti zotsatira ziwirizo sizidalirana pamene tadziwa ngati munthuyo akudwala kapena ayi. Kenako mangani P(+ +) gulu ndi gulu, monga tachitira pamwambapa, ndipo gawani 0.0081 ndi 0.010575.